Nthunzi, kufwafwaza kapena kuvindikira poto: njira iti imasiya vitamini C m'ndiwo zamasamba?

Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu masamba si vuto ayi, mukangoima pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off muona mpiru, repu, kabichi, tchayinizi, matimati ndi mbatatesi zili mbwee mpaka kusowa poponda. Vuto limayambira kukhitchini. Masamba omwewo amene achoka kudimba ali ndi vitamini C wambiri, pofika m'mbale nthawi zina watsala wochepa kwambiri, ndipo chowawa nchakuti palibe amene angadziwe ndi lilime chifukwa ndiwozo zimakoma bwinobwino basi.

Ndiyambe ndi khalidwe la vitamini ameneyu chifukwa mukalimvetsa zina zonse zibwera zokha. Vitamini C amasungunuka m'madzi ngati mmene uchitira mchere, ndekuti tsamba likakhala m'madzi otentha iye amatuluka m'tsambamo nkulowa m'madzimo. Amaonongekanso ndi kutentha kukatenga nthawi yaitali, amaonongeka ndi mpweya maka tsamba likaduladulidwa, komanso sagwirizana ndi soda ngakhale pang'ono. Nde pali kutayika kwa mitundu iwiri apa ndipo ndikofunika kusiyanitsa. Kwina vitamini uja sanafe koma wangosamukira m'madzi, mukamwa msuziwo mwamupeza, mukautaya mwamutaya. Kwina ndi komwe waonongekeratu chifukwa cha moto wautali kapena soda, ameneyo olo mumwe msuzi wonse simumupezanso. Njira zitatu zomwe tikuyerekezazi zimasiyana potengera kuti ikutseka khomo liti mwa awiriwa.

Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 45 patsiku malinga ndi muyeso wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa amafunika ochulukirapo. Thupi silimupanga lokha ndipo silimusunga wambiri. Koma chimene ine chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya magazi. Ayironi amene ali mu nyemba, khobwe, soya ndi masamba thupi limavutika kumuyamwa, vitamini C akakhala m'chakudya chomwecho amathandiza kuti alowe. Nde banja lomwe nyama limaiona mwa apo ndi apo, limadalira nyemba ndi mpiru, kaphikidwe ka mpiruwo si nkhani yamasewera.

Tiyeni titenge mpiru kuti tikhale ndi chogwira. Mpiru wosaphika wolemera magalamu 100 umakhala ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 70, koma wowiritsa m'madzi nkukhetsa madziwo umatsala ndi cha m'ma 25. Tiyerekeze banja la anthu asanu lagula mpiru woti mukauyeretsa ukukwana theka la kilo. Mmenemo muli mamiligalamu cha m'ma 350. Mukauphika mwachizolowezi chija, kuudula m'mawa nkuusiya m'beseni la madzi, kuuika m'poto wa madzi ozizira odzaza, kuwiritsa mpaka utafeweratu, kenako kutsanula madzi oyambawo ati akuwawa, otsala ndi cha m'ma 120 kapena kuchepera apo, aliyense wapeza mamiligalamu 25 akachita mwayi. Mpiru womwewo wophikidwa mwachidule popanda kutaya madzi utha kusunga magawo atatu mwa anayi, cha m'ma 260, aliyense 50, ndekuti watsikulo wakwana ndi ndiwo za nkhomaliro zokha. Manambalawa amasinthasintha kutengera kukhwima kwa masamba komanso kuti agona masiku angati pamsika, koma kusiyana kwake kumakhala kotereku, kuwirikiza kawiri, ndalama yogulira ili yomweyo.

Kuphika ndi nthunzi ndi komwe kumasunga vitamini C wochuluka kuposa njira zonsezi ndipo chifukwa chake nchosavuta, masamba sakhudza madzi nde palibe koti vitamini uja asamukire. Sipofunika poto wapadera wa m'sitolo ayi. Thirani madzi m'poto ofika zala ziwiri basi, ikani sefa yachitsulo pamwamba kapena mbale yachitsulo yoboolaboola ndi msomali, kapenanso timitengo toyera topingasa pansi pa poto kuti masamba akhale m'mwamba. Dikirani madzi awire kaye nthunzi iyambe kutuluka, ndiye muike masamba nkuvindikira zolimba. Mpiru, repu, tchayinizi ndi bonongwe wanthete mphindi 5 mpaka 7 zakwana, kabichi wodula mokulirapo mphindi 6 mpaka 8, zitheba cha m'ma 8 mpaka 10. Zomwe zimalakwika kawirikawiri ndi ziwiri. China ndi kuunjika masamba ambiri mothinana, apansi amapsa mpaka kufeweratu apakati ali aawisi, nde munthu amaonjezera nthawi ndipo phindu lonse lija lapita. Ayaleni momasuka, akachuluka muwatembenuze kamodzi pakati pa nthawi. China ndi chivindikiro chosakwana bwino, nthunzi ikamathawira m'mbali ndekuti m'kati simukutentha mokwanira, masamba amangofota nkumada osapsa. Ndipo chonde osavindikira ndi jumbo monga ena amachitira ndi mpunga, komanso chitini cha penti kapena chidutswa cha lata musachisandutse sefa, zimenezo sizinapangidwire chakudya.

Koma ndinene zoona, pa ndiwo zamasamba za tsiku ndi tsiku nthunzi ili ndi vuto limodzi lalikulu kwa ife odya nsima: simutuluka msuzi. Masamba a nthunzi amatuluka obiriwira bwino koma ouma, opanda mchere wolowerera, ndipo mukawaika patebulo chonchi bambo akunyumba afunsa kuti kodi ndiwozi mwaphika kapena mwangotenthetsa. Nde muyenera kukazinga anyezi ndi matimati padera nkusakaniza pomaliza, mphindi imodzi pamoto nkuphula. Zimakoma ndithu, koma ndi mapoto awiri pa mbaula imodzi pomwe nsima ikudikiranso moto womwewo. Kwa mayi yemwe wachoka kudimba dzuwa lili pamutu ana akulira njala, njira imeneyi saitsata tsiku lililonse, ndipo njira yomwe munthu sangaitsate tsiku lililonse siimupindulira kwenikweni olo ikhale yopambana papepala.

Pomwe nthunzi imapambana popanda mkangano ndi pa mbatatesi. Anthu ambiri saiwerengera kachewere ngati chakudya cha vitamini C koma yosaphika imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 20 pa magalamu 100, ndipo poti kuno timaidya yambiri, mbale yodzaza m'mawa ndi tiyi, imathandiza kuposa mmene timaganizira. Yowiritsa ndi makoko ake imatsala ndi cha m'ma 13, yosenda kaye nkuwiritsa imatsikira cha m'ma 7. Khoko lija limatchinga madzi. Nde kachewere wamng'onowamng'ono mutsukeni bwino, muikeni pa nthunzi ndi makoko ake mphindi 20 mpaka 30 kutengera kukula, mukabaya ndi foloko nkulowa mosavuta wapsa, musende mukamadya. Yomwe yachita zobiriwira pakhungu kapena yamera ija ndi nkhani ina, pobiriwirapo ndi pophukirapo pamayenera kuchotsedwa ndithu chifukwa pamakhala poizoni, kuphika sikumuchotsa.

Tsopano kufwafwaza, kuwiritsa kwa kanthawi kochepa m'madzi. Apa chinsinsi chili pa chinthu chomwe ambiri sachiganizira, nthawi yoikira masamba m'poto. M'tsamba muli ma enzayimu, tinthu tachilengedwe tomwe tsamba likadulidwa timayamba kuononga vitamini C mothandizana ndi mpweya. Timagwira ntchito mwamphamvu pamene madzi ali ofunda, koma madzi owira amatipha mwamsanga. Nde mukaika masamba m'madzi ozizira nkuteleka pamoto wa nkhuni zosauma bwino, mphindi zonse zomwe madzi akufundafunda ndi nthawi yomwe vitamini akuonongeka masamba asanayambe nkupsa komwe. Madzi ayambe awira kaye mpaka kubwata, kuwirako kumachotsanso mpweya womwe unali m'madzimo, ndiye muponyemo masamba pang'onopang'ono kuti madzi asazizire. Mphindi 3 mpaka 5 kuchokera pomwe ayambiranso kuwira.

Kufooka kwa njirayi nkwakuti olo nthawi ikhale yochepa, madzi akachuluka vitamini wambiri amasamukirabe m'madzimo, ndipo masamba odula monyenya kwambiri, aja ooneka ngati ulusi omwe amagulitsa odulidwa kale m'timajumbo pamsika, amataya mofulumira zedi poti paliponse ndi pabala. Nde kufwafwaza kumakhala kwabwino kapena koipa kutengera komwe madziwo apita. Mukatendera momwemo, kapena kuwathira mu nyemba, kapena kuphikira msuzi wa matimati, mwapulumutsa gawo lalikulu. Mukawakhuthulira kuseri kwa khitchini mwataya. Ndikudziwa chifukwa chomwe anthu amatayira, mpiru wokhwima ndi chisoso zimawawa ndithu ndipo ana amakana. Zikatero ine ndimaona bwino kusankha masamba anthete, kapena kusakaniza mpiru wowawawo ndi tchayinizi kapena nkhwani, kapena kutendera poti nsinjiro zimabisa kuwawa. Ngati kutaya madzi sikungapeweke, afwafwazeni masamba athunthu osadula kwa mphindi 2 zokha, muwavuule, muwadule pambuyo pake, kutayako kumachepa kusiyana ndi kuwiritsa oduladula kwa kotala la ola.

Njira yachitatu ndi yomwe ine ndimaikira kumbuyo pa ndiwo za tsiku ndi tsiku: madzi ochepa kwambiri, poto wovindikira, moto wamphamvu, nthawi yochepa. Kwenikweni ndi kuphika ndi nthunzi komweko koma popanda sefa, chifukwa timadzi tapansi tija timasanduka nthunzi yomwe imapsetsa masamba apamwamba, ndipo timadzi totsalato ndi msuzi womwe mudyere nsima. Chivindikiro pachokha sichiteteza vitamini ngati mankhwala ayi, ntchito yake ndi yoti chimasunga kutentha nde ndiwo zimapsa msanga, chimakulolani kuphika ndi madzi ochepa osapserera, komanso nthunzi ikadzaza m'poto mpweya umachepa. Mukavindikira poto wodzaza madzi nkumusiya akubwata theka la ola, chivindikirocho sichinakupulumutsireni kanthu.

Ndi theka la kilo la mpiru uja zimayenda motere. Tsukani masamba ali athunthu, kawiri kapena katatu mpaka mchenga utatha, osawanyika m'madzi. Musawadule mpaka moto utayaka. Kazingani anyezi m'mafuta pang'ono, ikani matimati awiri kapena atatu apse mpaka aphwanyike, thirani mchere ndi madzi osapitirira theka la kapu. Pamene izo zikuwira ndi pomwe mukudula mpiru, mokulirapo ngati m'lifupi mwa chala, zigwagwa zolimba zija muzidule padera muziponye poyamba zitsogole ndi mphindi 2. Kenako masamba onse, vindikirani. Poto adzaoneka wodzaza mpaka kukamwa koma musadandaule, pakatha mphindi 2 kapena 3 mukavundukula mupeza atsika kufika theka, ndipo atulutsa madzi awoawo, mpiru gawo lake lalikulu ndi madzi kale. Tembenuzani kamodzi ndi mthiko, apansi abwere pamwamba, vindikiraninso mphindi 3 kapena 4, phulani. Chigwagwa chikamadukika ndi m'mphepete mwa supuni koma mukatafuna chikumvekabe pang'ono m'mano, zapsa. Pansi pa poto pazikhala msuzi wa masupuni ochepa, ugawidwe m'mbale zonse, ana asaiwalidwe poti iwo amakonda kunyambita msuzi kusiya masamba.

Chomwe chimavuta ndi dzanja lozolowera kuvundukula pafupipafupi nkumavundula. Kuvundukula kulikonse nthunzi imathawa, kutentha kumatsika, mpweya watsopano umalowa. China ndi moto. Pa mafuwa ndi nkhuni za lawi lalikulu poto wopyapyala wa aluminiyamu amapserera msanga madzi akachepa, nde munthu akapsereza kamodzi amabwerera ku madzi ambiri aja. Mukamva poto wasiya kulira kwa kuwira wayamba kuthetheka, madzi atha, onjezani masupuni awiri a madzi otentha, osati ozizira. Mphika wadothi pankhani iyi ndi wabwino, supsereza msanga, koma umasunga moto nthawi yaitali ukaphulidwa, ndiwo zimapitiriza kupsa uli pansi, nde muziphula zisanafike penipeni kapena kuzipakuliratu m'mbale.

Pali kanthu kena ka kuno kumapiri komwe ndi kofunika kukadziwa. Pa Dedza boma pali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri cha m'ma 95 osati 100. Nchifukwa chake nyemba za ku Bembeke kapena ku Tsangano zimadya nkhuni zambiri kusiyana ndi zophikira kumunsi ku Golomoti kapena ku Bwanje. Pa masamba kusiyanako nkochepa, mwina mphindi imodzi yoonjezera, koma mwezi wa Juni ndi Julaye kukamawomba mphepo yozizira ija poto wosavindikira amachedwa kwambiri kuwira ndipo akawira amazizira msanga mukangoponyamo masamba. Nde kuno chivindikiro chokwana bwino ndi chofunika kuposa kumadera otentha, ngati chinapindika ikani mbale yachitsulo nkutsindira kamwala koyera pamwamba.

Nkhani ya soda ndi chidulo ndiinene mosabisa chifukwa imafafaniza zonse tanenazi. Soda amafewetsa masamba msanga ndipo amawasiya obiriwira mokongola, nde diso limanamizidwa kuti ndiwo zili ndi thanzi pomwe vitamini C waonongeka kwambiri, pamodzi ndi ena mwa mavitamini a gulu la B. Olo muvindikire, olo muphike mphindi zochepa, mukathira soda mwaluza. Ndikudziwa kuti thelere lopanda soda kapena chidulo agogo sangalivomere, ndipo sindikunena kuti tisiye thelere, koma tsiku la thelere muzidziwa kuti vitamini C achokere kwina, gwafa mmodzi ali ndi wokwanira tsiku lonse nkutsalako, malambe, papaya, lalanje kapena matimati aawisi pambali. Koma nkhwani, khwanya ndi mpiru sizifuna soda, nkhwani wanthete wosadzula bwino amafewa yekha m'poto wovindikira. Matimati amachita zosiyana ndi soda, kuwawasa kwake kumateteza vitamini C, koma kumasintha mtundu wa masamba kukhala wobiriwira mozimirira komanso kumachedwetsa kufewa pang'ono. Poto wovindikira nayenso amazimiritsa mtundu pang'ono. Nde mtundu pawokha si muyeso wodalirika. Zizindikiro zodalirika za kupsetsa ndi masamba oti mukawakanikiza ndi chala akungosanduka phala, madzi ambiri obiriwira otsala m'poto, ndi kabichi yemwe wasanduka wofiirira nkumanunkha fungo lamphamvu lija lomveka mpaka panja.

Zotendera zili ndi kachenjerero kake. Nsinjiro zimafuna kupsa mokwanira apo ayi zimamveka zaziwisi, nde anthu amasiya masamba pamoto nthawi yaitali podikira nsinjirozo. Tembenuzani ndondomeko: sungunulani nsinjiro m'timadzi, ziwire ndi matimati ndi mchere mphindi 8 mpaka 10 mukuvundula kuti zisagwire pansi, masamba alowe pomaliza nkuvindikira pamoto wochepa. Kukoma kwake nkomweko, masamba akhala pamoto theka la nthawi.

Pali ndiwo zomwe malangizo ophika mwachidulewa sakuzikhudza ndipo apa ndikupempha tisamale. Chigwada chimakhala ndi poizoni wachilengedwe wa mtundu wa sayanayidi, chiyenera kusinjidwa bwino mumtondo nkuwiritsidwa nthawi yaitali mpaka chitapsa ndithu, poto ali wosavindikira kuti poizoniyo atuluke ndi nthunzi. Osafwafwaza chigwada pofuna kusunga vitamini. Nyemba zouma nazo ziyenera kuwira mwamphamvu mpaka kupsa. Komanso masamba othiriridwa ndi madzi okayikitsa kapena m'nyengo ya kolera, aonetsetsedwe kuti atentha mpaka m'kati monse, mphindi zomwe ndatchulazi zimakwanira bola nthunzi kapena madzi akhale owiradi. Mfutso ndi wabwino pa zina, ayironi ndi zina zimatsalamo, koma kufutsa kenako kuyanika padzuwa kumamaliza vitamini C pafupifupi yense, nde miyezi yodalira mfutso ija muzithiramo matimati atsopano kapena kudya chipatso pambali.

Nde poyerekeza zonse, pa kachewere, kabichi ndi zitheba ndingasankhe nthunzi ngati moto ndi nthawi zilipo. Pa mpiru, repu, tchayinizi, bonongwe ndi nkhwani za nkhomaliro ndi mgonero, poto wovindikira wa madzi ochepa, poti zotsatira zake zimayandikira za nthunzi, msuzi ulipo, poto ndi mmodzi ndipo makala amapita ochepa. Kufwafwaza ndimakusungira masamba owawa kapena pomwe madziwo ali ndi kolowera.

Chotsala ndi nthawi yapakati pa kuphula ndi kudya, yomwe imatha kubweza m'mbuyo ntchito yonse. Ambiri timayamba ndi ndiwo, nkuziika pambali pa moto kuti zisazizire, ndiye nkuteleka madzi a nsima, mwinanso kudikira a kumunda kapena ana a sukulu abwere. Ndiwo zokhala zofunda ola lathunthu kapena awiri zimapitiriza kutaya vitamini C, ndipo zotsala zotenthetsanso madzulo zimatayanso wina. Poti mpiru wovindikira umangofuna mphindi zosakwana 10, uzikhala womaliza: nyemba zipse kale, msuzi wa matimati ukhale wokonzeka, nsima ivundulidwe nkuomoledwa m'mbale yovindikira, ndiye masamba alowe pamoto womwe nsima yasiya uja. Ngati mukufuna ndiwo za madzulo, gawani masamba aawisi pawiri, enawo muwakulunge m'nsalu yonyowa pamthunzi osadula, mudzaphike madzulowo. Ndipo ngati pakhomo pali mandimu, finyirani pang'ono m'mbale pakudya, osati m'poto pamoto.